Nsalu ya Apongozi pa Sefa ya Pampu

Amene anaganiza zofolera kanyumba ka pampu ndi malata ayenera kuti anali asanakhaleko m'chigwa cha Bwanje mwezi wa Okutobala. Dzuwa likangokwera pang'ono, mkatimo munkasanduka uvuni, fungo la dizilo n'kumalowa mpaka m'malovu. Koma Wilfred sankadandaula. Munthu amene watha zaka akuyang'anira mapampu pansi pa nthaka ku Joni sanyoza nyumba imene ukasuzumira pakhomo umaona thambo ndi mitengo ya msangu.

Ntchito imeneyi ndiyo inkamusunga pamudzi. Amuna a msinkhu wake ankangobwera kudzapereka mimba n'kubwereranso kumigodi, poti msonkho sudikira kuti munthu apume. Iyenso anabwerako n'kupeza mwana wake Rute akuyenda kale, mwanayo n'kumuthawa ngati waona wogula thonje. Tsiku limenelo analumbira chamumtima kuti pansi pa nthaka adzapitanso atafa basi. Mwayi wake, a mishoni ya pamtunda anagula pampu yokweza madzi kuchokera mumtsinje kukafika m'thanki ya kachipatala kawo, n'kufuna munthu wodziwa makina. Bulazala woyang'anira nyumba za mishoniyo, mzungu wowonda wosadziwa kukometsa mawu, anamuuziratu kuti ntchito ilipo pampu ikamazungulira, ikaima ntchitonso yaima.

Amene anadzamanga pampuyo anali Paison, makaniko wa ku Limbe, munthu wolankhula ngati mawu amagula. Atamaliza kumanga anatola khala n'kujambula mizere pakhoma.

"Achimwene, kumgodi kwanu kuja madzi ankadza okha kukamwa kwa pampu, chifukwa dziwe linali pamwamba pake. Kuno pampu ili pamwamba, mtsinje uli pansi. Ndiye mumve."

Anajambula mzere woyambira m'mwamba kumanzere, wotsetsereka kupita kumanja. Anati umenewo ndi wa pampu: ikamapereka madzi ochepa imawakankha kutali m'mwamba, ikamapereka ambiri mphamvu yokweza imachepa, ndipo zonse ziwiri singathe. Kenako anajambula wina, woyambira pakati pa khoma, wokwera mopindika. Umenewo anati ndi wa paipi. Suyambira pansi, umayambira pa msinkhu wa thanki, popeza phiri silinyengereredwa, ndipo umakwera chifukwa madzi akamachuluka amakhulana ndi chitsulo cha paipi, kukhulanako n'kumakula msanga kuposa madziwo.

Anagogoda ndi chala pamene mizereyo inapingasana.

"Pampu imagwira ntchito apa. Osati pamene mukufuna inu, kapena Bulazala, kapena bishopu. Mukatsekako chotsekera ichi, mzere wa paipi umaimirira, mphambano imabwerera kumanzere, madzi amachepa. Wina akatsegula chiboo chapansi, mzere umagona, mphambano imathawira kumanja."

"Kumanja kuli madzi ambiri," anatero Wilfred, pofuna kumuputa.

"Kumanja kuli maliro. Pampu sikoka madzi ayi. Mpweya wa kunjaku ndi umene umawakankhira m'paipi yoyamwira, ndipo mphamvu yake ndi yomweyo chaka chonse. Chikweza chochokera mumtsinje chimadyako, sefa imadyako, kutentha kwa madzi kumadyako. Chotsala ndiye chakudya cha pampu, ndipo ikamapereka madzi ambiri imafunanso chambiri. Pakati pa chotsalacho ndi chimene ikufuna pazikhala mpata. Mpata ukatha, madzi amawira asanatenthe pakamwa pa impela, gudumu lamapiko lili m'katimu. Tithovu take tikalowa pothina timaphulikira pachitsulo n'kumachibenthula. Mudzamva ngati mwathiramo timiyala, pomwe mulibe mwala ndi umodzi womwe."

Pa geji, kawotchi koonetsa mphamvu ya madzi, anapakapo utoto wofiira, kuti muvi usamatsike kupitirira pamenepo, n'kukandanso pena posonyeza msinkhu wa thanki. Ananena kuti impela ina kulibe m'Nyasalande monse, yoitanitsa imadzera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, ndipo imafika pamene yafunira. Atatero anakwera lole n'kumapita.

Zaka ziwiri zinatha bwinobwino. Chachitatu mvula inakata msanga, ndipo pofika chilimwe Bwanje anali ataphwa mpaka mchenga kuonekera pakati. Madzi anatsala m'dziwe la pakhonde pa pampu, ofunda ngati osambitsira khanda. Tsiku lililonse chikweza chinkakula, mpata uja n'kumachepa. Wilfred ankaliza injini m'mawa madzi akadali ozizira, chotsekera atachitsekako, muvi uli pamwamba pa utoto. Thanki inkadzaza mochedwa, ndipo dizilo wa tsiku anali chigubu chimodzi, chosawonjezera.

Anapempha kuti pampu itsitsidwe kufupi ndi madzi. Bulazala anapita kukaona, anayeza ndi ndodo, n'kupukusa mutu. Anati akaitsitsa, madzi oyamba a dzinja adzaitenga pamodzi ndi injini, ndipo simenti yomangira kawiri alibe. Onse awiri ankanena zoona, ndiye nkhani inathera pomwepo.

Vuto linali loti paipi yopita kumtunda inkadutsa m'dimba la apongozi ake. Wilfred anali mkamwini m'mudzi wa kwawo kwa mkazi wake Janeti, ndipo dimba lonse la m'mbali mwa mtsinje linali la mayi a Janeti, aNangozo, amene kutchalitchi ankalembedwa kuti Aida. Pakati penipeni pa chimanga chawo, pamene paipi inatsika kwambiri, panali kabokosi ka njerwa, m'kati muli chotsekera chotsukira matope m'paipi. Ankachitsegula kamodzi pachaka. Chimanga cha m'dimbamo chinali chitayamba ngaiyaye, masamba atapotana, ndipo zitsime zokumba m'mchenga zinkangotulutsa matope. Ukagunditsa khutu pa paipi unkamva madzi akudutsa.

ANangozo anali ataiona njala yaikulu ija, imene inali isanaiwalike n'komwe. Amuna awo anapita kukasuma chakudya kumapiri osabwerako, ndipo ana awiri anawaika m'manda okha. Munthu wotere sumamuuza kuti chimanga chidikire.

Tsono mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, wina amapatuka n'kunjuta kumbali. Akafuna kulankhulana, mawu amadzera mwa munthu wina, ngakhale onse akumvana bwinobwino. Madzulo ena Wilfred atakhala pakhonde anamva kukhosomola kuseri kwa nkhokwe, Janeti n'kupita kukagwada pakati.

"Uwauze bambo a Rute," anatero mawu a kuseriko, "kuti madzi akudutsa m'munda mwanga atavala chitsulo. Sindikupempha thanki. Ndikupempha kuti chimanga chinyowetse kukhosi."

Janeti anabwereza mawuwo, ngakhale mwamuna wake anali atawamva kale onse.

Wilfred anayang'ana pansi. Akanakhala Goliati, mlamu wake, akanatola kamtengo n'kumujambulira mizere padothi. Koma munthu amene sungamuyang'ane umujambulira bwanji? Ndiponso madzi samanidwa. Ngakhale mdani akaima pakhomo amapatsidwa chikho. Anayankha kuti wamva, ndipo aona chochita.

Chimene anachita chinali chanzeru ndithu, tisamunamizire. Anatsegula chotsekera cha m'dimba pang'ono chabe, kwa kanthawi, n'kutsekako cha pampu kuti madzi onse otuluka asapitirire muyeso. Zimene dimba linamwa, thanki inaperewera. Bulazala atafunsa chifukwa chake madzi sakufika pamzere wa masiku onse, Wilfred anati mtsinje watsika. Sananame, koma anapita kunyumba mtima uli wolemera.

Madzi akalowa m'dimba limodzi, madimba oyandikana amamva fungo. Sabata isanathe, ngalande zinali zitakumbidwa kupita kwa achemwali a aNangozo, kwa ana awo, mpaka kwa anthu amene chibale chawo chinakumbukiridwa sabata yomweyo. Kamadzi ka Wilfred sikakanakwana. Goliati, amene anagwirapo ntchito m'mafamu a ku Rodeshiya n'kubwerako ndi sipanala yaikulu ndi chikhulupiriro choti makina onse amawadziwa, anaona kuti mlamu wake ndi woumira basi.

M'mawa wina Wilfred akuthira girizi, muvi unagwa pansi pa utoto, injini inalemedwa n'kutulutsa utsi wakuda, ndipo m'pampu munayamba kulira timiyala. Anadumphira chotsekera n'kuchitseka mpaka phokoso linaleka. Pampu inapulumuka, koma madzi ochepa amene ankadutsa tsopano onse ankathera m'dimba, kumtunda osakwera ndi dontho lomwe. Kuzimitsa injini sankafuna, chifukwa kuyambitsanso kunali kuthira madzi m'pampu ndi ndowa, kupukusa chitsulo mpaka msana kuwawa, kuzizira kwa m'mawa kukutha. Anaisiya ikulira pang'onopang'ono n'kuyenda kupita kudimba.

Anapeza madzi akutumphuka, ana akusamba, Goliati ataima ngati mwini mtsinje.

"Alamu, mukupha pampu."

"Ikufa bwanji ikutulutsa madzi chonchi? Onani. Masiku onsewa mumaimana ndinu."

"Mukatsegula chonchi imathamangira madzi ambiri kuposa amene mtsinje ungaipatse kukamwa. Ikudzidya m'kati."

"Ng'ombe ikamakoka bwino simuimenya, alamu. Inu mwangozolowera kuopa azungu."

Wilfred anatseka, anachotsa kagudumu ka chotsekeracho n'kupita nako. Goliati anali ndi sipanala. Loko akanathetsa nkhani, koma loko anali kwa Bulazala, ndipo kupempha loko kunali kunena amene akuba madzi a chipatala. Mkamwini amene waitanira apolisi abale a mkazi wake angoyamba kumanga katundu. Choncho anakhala chete, ndipo m'mawa uliwonse unakhala wofanana: muvi kugwa, timiyala, kutseka, ulendo wa kudimba, kukangana, kubwerera. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye ankavumbwa mvula isanagwe. Anaonda, anasiya kuseka, chakudya ankangochitola ngati mankhwala.

Phokoso lija linkamveka mpaka padooko pamene amayi ankatunga. ANangozo analimva, anamvanso kwa Janeti kuti mkamwini wawo sakugona tulo chifukwa pampu ikudyeka m'kati. Zinawakhudza. Sanali munthu wouma mtima, ndipo ankadziwa kuti mwana wa eni akuvutika chifukwa cha chimanga chawo. Anaganiza monga aganizira mayi aliyense amene wakhala akutunga madzi a m'chilimwe moyo wake wonse. Chikulira timiyala ndiye kuti chikumeza mchenga, ndipo madzi a mchenga amasefedwa ndi nsalu.

Tsiku lotsatira Wilfred anatsekako pampu monga mwa masiku onse n'kupita kukalimbana ndi Goliati. Pobwerera anamva timiyala ali patali, tolira kuposa kale. Anathamanga. Chotsekera chinali mmene anachisiyira, cha kudimba anali atatseka yekha, koma muvi unkanjenjemera ngati wagwidwa malungo. Anatsekanso, phokoso osaleka. Anazimitsa injini, anavula malaya n'kulowa m'dziwe. Sefa ya kunsonga kwa paipi, imene anaitsuka dzulo lake, inali itakulungidwa chiguduli, chomangidwa bwino ndi luzi, mfundo yake ya munthu wodziwa kumanga mtolo. Matope anali atamata chiguduli chonse, pampu n'kumayamwa ngati munthu wotsekedwa pakamwa.

Anakhala pamchenga nthawi yaitali, chiguduli chili m'manja. Kukwiya kunamukanika. Anangomva kutopa, kutopa kwenikweni, kofika m'mafupa.

"Amake Rute," anatero madzulo, "mukawauze mayi kuti ndathokoza. Koma m'pampu mulibe mchenga. Ikulira chifukwa madzi sakuikwanira kukamwa, ndipo chiguduli chikuitsamwitsa. Asamangenso."

Janeti anamuyang'ana ngati wamutuma kukagwira njoka.

"Ndikawauze mayi kuti thandizo lawo ndi limene likuwononga? Alowa m'madzi mpaka m'chiuno, munthu wamkulu, chifukwa cha inu."

"Mukanene mwaulemu, koma mukanene."

Ulemu Janeti anaupereka wonse, mawu n'kutsala panjira. Pajatu kandimverere anakanena za m'maluwa. Chimene chinafika kuseri kwa nkhokwe n'choti bambo a Rute athokoza kwambiri, koma akuti chiguduli chija sichinayenere pamenepo. ANangozo anavomereza ndi manyazi. Zoonadi, chiguduli ndi chomangira makala, maso ake ndi aakulu, mchenga ungalephere bwanji kudutsa? Makina a azungu amafuna chinthu chabwino. Anatsegula bokosi lawo n'kutulutsa nsalu yatsopano ya biriwita, yolukidwa mothithikana, imene ankaisungira Khirisimasi.

Kuyambira pamenepo Wilfred anali munthu mmodzi wolondera makomo awiri. Akapita kudimba, nsalu inkamangidwa kudziwe, yopindidwa pawiri. Akaichotsa n'kuiyanika pa bango, aNangozo ankaitenga, kuichapa, n'kuyamikira mumtima kuti mkamwini wawo ndi waukhondo, amachotsa nsalu ikada. Wilfred atabisa nsaluyo, Janeti analira kuti anthu adzati mwamuna wake waba chovala cha apongozi, ndipo Wilfred anaibweza. Nthawi iliyonse pampu inkalira timiyala kwa kanthawi asanafike, ndipo kanthawi kalikonse kankachotsa kachitsulo kosabwerera. Anayamba kuona kuti ngakhale tsiku labwino muvi sukufika pamene unkafika kale.

Tsiku lina analimba mtima. Anawaona aNangozo akuchokera kudziwe, nsalu yawo yakumunsi ili chonyowa, ndipo m'malo mopatuka anaima pakati pa njira n'kuvula chipewa.

"Amayi, pepani, ndilankhule nanu ndekha."

Mayiwo anadzidzimuka ngati aona munthu wamaliseche. Anaphimba nkhope, anapatukira m'chimanga n'kunjuta chofulatira.

"Bambo, ngati ndalakwa, mwana wanga alipo. Musandichititse manyazi panjira."

"Simunalakwe, koma nsalu ija..."

"Ndi yaing'ono, ndikudziwa. Ina ndilibe."

Amayi ena amene ankabwera ndi mitsuko anali ataima kale n'kumayang'ana. Wilfred anavala chipewa n'kupatuka. Madzulo ake mudzi wonse unkanena kuti ku Joni kumatha anthu ulemu, ndipo Janeti sanamulankhule mpaka m'mawa.

Kumayambiriro kwa Novembala mitambo inkasonkhana masana n'kubalalika madzulo. Kuchipatala kunadzaza odwala kamwazi, chifukwa midzi yonse inkamwa zithaphwi. Bulazala anatsika yekha ndi chigubu chachiwiri cha dizilo, nkhope itafiira, n'kunena kuti thanki yauma ndipo pampu igwire mpaka madzulo.

"Masana madzi amatentha, Bulazala. Mpata watsala pang'ono kwambiri."

"Ndikudziwa, Wilfred. Ndinaimva pamene ndinali kubwera. Koma odwala sangamwe impela. Tsekako monga udziwa, izingokweza pang'ono pang'ono."

Apanso munthuyo sankalakwa. Wilfred anatsekako mpaka madzi okwera anali ngati a m'ketulo, anakhala pa chitini n'kumayang'ana muvi, thukuta likuyenderera m'maso. Dzuwa litapendeka, anthu a kumadimba anamva injini ikulira nthawi yachilendo n'kuganiza kuti ndi mphatso. Muvi unagwa. Wilfred anatseka, anayang'ana kudziwe, kunalibe munthu, n'kuuyamba ulendo wake uja. Sanathamange. Miyendo inali itakana kuthamanga masiku ambiri apitawo.

Ulendo uno Goliati sanali yekha. Panali amuna angapo ndi makasu, aliyense akulondolera madzi kungalande yake, ndipo palibe amene anafuna kukhala womaliza. Anakangana nthawi yaitali. Wina anati chimanga chatsala sabata imodzi kuti chikhwime. Wina anafunsa ngati Wilfred anabwera m'mudzi muno ndi munda wake. Goliati anakhalira bokosi la njerwa n'kunena kuti amuchotsepo ndi manja. Pamene ankamukoka, mphepo inatembenuka n'kubweretsa phokoso la kumtsinje, ndipo onse anatchera khutu. Silinalinso phokoso la timiyala. Kunali kugogoda kwa chitsulo pa chitsulo, ndipo madzi a m'ngalande anayamba kubwera modukiza.

Pofika pakanyumba, paipi inkagwedezeka, lamba wa injini akukwapula. Anazimitsa. Kudziwe nsalu inali pamalo pake, yomangidwa mwaluso kuposa masiku onse, ndipo mapazi onyowa ankaoneka pamchenga kulowera kumudzi.

Anaichotsa, anathira madzi m'pampu, analiza injini. Goliati, amene anamutsatira mwakachetechete, anathamanga yekha kukatseka kudimba osatumidwa. Wilfred anatseka chotsekera chonse kuti aone nyonga imene pampu yatsala nayo, pakuti pamenepo ndi pamene muvi umakwera kwambiri. Muvi unakwera monjenjemera n'kuima pansi pa pokanda paja, pa msinkhu wa thanki. Anagogoda galasi ndi chala, koma sunasunthe. Mzere wa pampu unali utatsika wonse kulowa pansi pa mzere wa paipi, ndipo panalibenso pamene ikanakumana.

Anamasula maboliti Bulazala ataima pambali. Impela inatuluka ngati chimanga chimene anankafumbwe agonamo chaka chathunthu, mapiko ali zibooziboo pafupi ndi pakamwa, limodzi litabenthuka n'kukakanda m'kati monse. Bulazala anaitembenuza m'manja, anayang'ana nsalu yonyowa ili pa chitini, anayang'ananso Goliati ndi sipanala yake. Sanafunse kanthu, ndipo Wilfred akanakonda kukalipiridwa. Anangoti alembera ku Ulaya, koma asayembekeze kanthu chaka chino, mwina ngakhale chamawa, ndipo kiyi wa kanyumbako akamusiyire kuofesi.

M'mawa mwake mzere wa amayi unayamba kukwera phiri ndi mitsuko pamutu, kupita kuchipatala, Janeti ali m'gulu. Dimba silinamwenso. Chimanga chimene chinali pafupi ndi bokosi chinakhwima, china chonse chinauma chili chiimire. Mvula inagwa patapita masabata atatu, yambiri, mtsinje n'kudzaza mpaka pakhonde pa kanyumba kokhoma.

Wilfred anadikira mpaka anabzala munda wa mkazi wake. Kenako anapita kuboma kukalembetsa za ku Joni, anamuyeza chifuwa, n'kumupeza kuti akadali wokwanira kupita pansi pa nthaka. Tsiku lonyamuka anakhala pakhonde, bulangete litakulungidwa pambali, akudikira kuti Janeti amalize kukazinga chimanga cha panjira. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kukhosomola. Janeti anaphula chiwaya n'kukagwada pakati.

Mawu anachedwa kubwera, ndipo atabwera anali aang'ono.

"Uwafunse bambo a Rute. Usiku sindigona. Nsalu ija ndinaiyang'ana padzuwa ndisanamange, koma maso angawa akalamba. Kapena inali ndi chiboo, mchenga n'kudutsa?"

Janeti sanabwereze. Anangoyang'ana mwamuna wake, ndipo m'maso mwake munali pempho.

Wilfred anayang'ana mapazi ake. Anali ndi mawu onse, okonzeka kalekale, ndipo tsopano akanatha kuwanena, poti munthu wapaulendo saopanso miseche ya m'mudzi. Anamva mayiwo akupuma kuseriko, akudikira.

"Muwauze mayi kuti agone," anatero. "Nsalu inali yabwino. Inalibe chiboo ndi chimodzi chomwe."

Janeti anatembenukira kunkhokwe n'kubwereza mawuwo onse, osasiyako ngakhale limodzi. Wilfred anasenza bulangete lake n'kutsika pakhonde, ndipo podutsa pankhokwe anapatukira kumbali, monga mwa ulemu.